Mwapeza chotupa m'bere kapena m'khwapa: zoyenera kuchita m'masabata oyamba

Chotupa cha m'bere nthawi zambiri sichipezeka pochita kuchifunafuna. Chimapezeka posamba, dzanja la sopo likamaterera pakhungu, kapena povala kamisolo, kapena mwana woyamwa akagunda penapake. Ena amachita kuuzidwa ndi amuna awo kuti, "Kodi apa pali chiyani?" Kuyambira pamenepo dzanja limangobwerera pamalo omwewo tsiku lonse, kudina, kutsina, kudinanso, mpaka malowo ayambe kuwawa chifukwa cha kugwidwagwidwako.

Zala sizingakuuzeni chimene chotupacho chili. Ngakhale dokotala amene wagwira mabere a anthu kwa zaka zambiri amangoganizira. Kuti anene motsimikiza amafuna chithunzi cha mkati, ndipo kawirikawiri amafunanso kanyama ka chotupacho kakaonedwe kulabotale. Ndiye ntchito yanu m'masabata oyambawa si kudziweruza nokha kuti ndi khansa kapena ayi. Ntchito yanu ndi kuchifikitsa chotupacho pamene chingatchulidwe dzina, osasochera m'njira. Ambiri amene amachedwa si kuti sanapite kuchipatala konse ayi. Anapita, anapatsidwa mankhwala, anabwerera kunyumba, nkhani n'kuzizira pomwepo.

Zotupa zambiri za m'mabere si khansa, makamaka mwa atsikana ndi amayi achichepere. Izi n'zoona ndipo zikhoza kukuthandizani kugona usiku uno. Koma pali chinanso choona chimene anthu ambiri amachimva mozondoka: khansa ya m'mawere ikamayamba, kawirikawiri siipweteka. Mawu akuti "koma sichikuwawa" achedwetsa amayi ambiri miyezi, pomwe chotupa cholimba chosapweteka ndicho chofunika kuchithamangira kuposa chithupsa chimene chakusowetsani tulo.

Chigwireni bwinobwino kamodzi, kenako mulembe

Musanapite kulikonse, dziyang'aneni mofatsa kamodzi. Imani pagalasi mutavula kumtunda, pamalo owala, manja ali m'mbali. Kenako kwezani manja onse m'mwamba, kenako muwaike m'chiuno n'kudina kuti minofu ya pachifuwa ikungike. Chimene mukufuna kuona ndi kusiyana kwatsopano pakati pa mabere awiriwo. Kusiyana kukula pang'ono kumene mwakhala nako chiyambire si nkhani. Nkhani ndi khungu limene likukokeka n'kupanga kadzenje mukakweza dzanja, nsonga ya bere imene yalowa mkati pomwe kale inali kunja, khungu lokhuthala lokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje, kufiira kapena kuderapo kwa mbali ina, ndi chilonda kapena zokanda pansonga ya bere limodzi zimene sizikupola. Pakhungu lakuda kufiira sikuonekera msanga, ndiye yang'anani malo amene adera kwambiri, akunyezimira, kapena akutentha mukawagwira.

Mukatero gonani chagada, dzanja la mbali ya chotupayo mulipinde pansi pa mutu kuti bere liyalike pachifuwa. Gwiritsani ntchito dzanja linalo, zala zitatu zapakati zitagona, osati nsonga zake. Musatsine bere pakati pa chala chachikulu ndi zinzake, chifukwa bere lililonse likatsinidwa choncho limamveka ngati lili ndi chotupa. Dinani mozungulira pang'onopang'ono, mopepuka kaye kenako mozama, kuyambira pafupa la m'munsi mwa khosi kutsika mpaka pansi pa bere, kuyambira pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa. Mbali ya kumtunda yoyang'ana kukhwapa muipatse nthawi yokwanira, popeza ndi kumene kuli minofu yambiri ya bere, ndiponso kumene khansa zambiri zimayambira. Mukamaliza gwirani bere linalo pamalo ofanana. Ngati zimene mukumva kuno zikumvekanso uko mofanana, mwina ndi mmene mabere anu alili. Ngati kuno kuli kanthu kokhala ndi malire ake kamene uko kulibe, ndiye chotupa.

M'khwapa mumagwiridwa mkono uli pansi, utamasuka. Mukaukweza kwambiri khungu limakungika ndipo zala sizilowa.

Tsopano tengani pepala, kapena tsamba lomaliza la kabuku kanu kakuchipatala. Lembani tsiku la lero, bere lake kuti ndi lakumanja kapena lakumanzere, mbali yake, ndi kukula kwake. Ngati muli ndi tepi yosokera kapena rula ya mwana wasukulu, ikani zala mbali ziwiri za chotupacho muyese mpata wake m'masentimita. Lembaninso ngati chikuyenda mukachikankha kapena chamatirira, ngati chikupweteka, ngati kunsonga kukutuluka kanthu ndi mtundu wake, ndi tsiku limene munayamba msambo womaliza. Zikuoneka zazing'ono, koma pakatha mwezi funso loyamba la dokotala lidzakhala lakuti chakula kapena ayi, ndipo mtima wamantha sudziwa kuyesa. Mukalemba, chisiyeni. Kuchidina tsiku ndi tsiku sikukuuzani chatsopano.

Chingakhale chiyani

Zaka zanu ndi zimene thupi likudutsamo zimanena zambiri. Mwa mtsikana wa zaka za m'ma 15 mpaka 30, chotupa chofala kwambiri ndi chija madokotala amachitcha faibuloadenoma: chosalala, chozungulira, cholimbirako pang'ono, chosapweteka, ndipo chimathawa pansi pa chala mukachidina. Si khansa. Mwa amayi a zaka za m'ma 35 mpaka 50 mumapezeka timatumba tamadzi, timene tikhoza kutulukira mwadzidzidzi, kupweteka msambo ukayandikira, n'kuphwa pambuyo pake. Palinso kulimba ndi kulemera kwa mabere onse awiri kumene kumabwera masiku angapo msambo usanayambe n'kutha ukadutsa. Bere limene linagundidwa mwamphamvu, mwina pangozi, likhozanso kusiya chotupa cholimba cha mafuta ovulala. Pa chimenechi pali pochenjera: ambiri amakumbukira kugundidwa chifukwa ndi tsiku limene anayamba kugwira bere, pomwe chotupa chinalipo kale. Kugundidwa sikuyambitsa khansa, komanso si chifukwa chosiyira kuyezetsa.

Mayi amene wasiya kusamba sakhalanso ndi zosinthasintha za mwezi ndi mwezi. Mwa iye chotupa chilichonse chatsopano chimatengedwa ngati chokayikitsa mpaka zoyeza zitanena zina.

Povuta kwenikweni ndi pa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndipo kwathu kuno, kumene mayi amatha zaka zambiri za moyo wake ali ndi pakati kapena mwana kubere, povutapa ndi pamene pagwera anthu ochuluka. Bere loyamwitsa limakhala ndi zotupa zakezake. Njira ya mkaka ikatsekeka pamalimba kagawo kena, kamene kamafewa mwana akayamwa bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Majeremusi akalowa, kawirikawiri kudzera pansonga yong'aluka, bere limatupa, kutentha, kupweteka kwambiri, thupi lonse n'kuphwanya ngati malungo. Pamenepo pamafunika maantibayotiki, ndipo mafinya akaunjikana pamafunika kuwakoka ndi singano kapena kung'amba. Mwana apitirize kuyamwa, chifukwa kumuletsa kumangowonjezera kutupa. Mayi amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi auze namwino, popeza kwa iye langizo limakhala loyamwitsa bere labwinolo, lodwalalo n'kumalifinya mkaka mpaka lipole.

Matenda a bere oterewa ali ndi nthawi yake. Mankhwala akagwira, pakatha masiku awiri kapena atatu mumamva kusintha, ndipo pomaliza mankhwalawo kutupa kumakhala kutatha kapena kukutha. Chotupa chimene chatsala sabata imodzi kapena ziwiri mutamaliza mankhwala sichiyeneranso kutchedwa "mkaka woundana" popanda sikani. Palinso mtundu wina wa khansa, wosowa koma wachangu, umene subwera ndi chotupa chogwirika. Umangotupitsa bere lonse, kulitenthetsa, kulikhuthalitsa khungu, n'kumaoneka ndendende ngati matenda a woyamwitsa. Umadziwika ndi kusamva mankhwala, ndipo kawirikawiri thupi silitentha. Mayi amene sakuyamwitsa konse koma bere latupa choncho asavomere kumwa maantibayotiki kawiri katatu asanajambulidwe.

Za ndalama kapena foni yoika m'kamisolo, sizimayambitsa khansa. Kulodzedwanso ayi. Ngakhale kunena kuti "kwathu kulibe amene anadwalapo" sikuteteza munthu: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ochuluka odwala khansa ya m'mawere alibe chiopsezo china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi kukula m'zaka.

M'khwapa ndi nkhani ina pang'ono

M'khwapa muli timinofu ting'onoting'ono tosefa madzi a m'thupi ochokera kumkono, kubere ndi kuchifuwa. Tikatupa ndi pomwe timati mwanabere. Choyamba yang'anani mkono wonse mpaka kuzala: bala la mpeni kapena la khasu, katungwi, chilonda cha moto, mphere zimene zalowa mafinya, kukandidwa ndi mphaka, katemera wobayidwa posachedwa pamkono womwewo. Mwanabere wobwera ndi zimenezi amakhala wofewerako, wopweteka, woyenda, ndipo amaphwa yekha pamasabata awiri kapena anayi gwero lake likapola. Chithupsa cha pakhungu, chija chimabwera mukameta tsitsi la m'khwapa ndi lezala, chimakhala pamwamba, chimayenda limodzi ndi khungu, ndipo chimapsa n'kuphulika. Amayi ena ali ndi kagawo ka minofu ya bere kamene kanafika mpaka m'khwapa. Kamatupa ali ndi pakati kapena mkaka ukamabwera, nthawi zina mbali zonse ziwiri.

Mwanabere wofunika kuyezetsa ndi wolimba, wosapweteka, wopitirira masentimita 2, womatirira kapena wolumikizana ndi anzake, kapena amene wapitirira masabata anayi osaphwa. M'dera lathu lino woteroyo ali ndi zoyambitsa zingapo, ndipo khansa ya m'mawere ndi chimodzi chabe mwa izo. Chifuwa chachikulu chimakhala m'mwanabere popanda munthu kutsokomola, ndipo nthawi zina chimalowa m'bere momwe. Kachilombo koyambitsa Edzi kamatupitsa anabere m'malo angapo nthawi imodzi, m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Palinso khansa ya anabere enieniwo, imene imabwera ndi kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kosadziwika chifukwa chake ndi kuonda. N'chifukwa chake akakufunsani kuti muyezetse magazi musadabwe kapena kukhumudwa. Ndi mbali ya kufufuzako. Koma onetsetsani kuti mabere onse awiri agwiridwanso, chifukwa khansa yaing'ono yobisala m'bere imatha kuonekera kaye m'khwapa.

Mupite liti

Bere lotupa, lotentha, lopweteka kwambiri, thupi likutentha kapena mukunjenjemera, limenelo ndi la lero lomwe. Chotupa chogwirika chokhala ndi malire ake, chizindikiro chilichonse cha pakhungu kapena pansonga mwa zija tatchula, ndi magazi kapena madzi oyera otuluka okha kunsonga ya bere limodzi osafinya, zimenezi ndi za sabata ino. Kudikira kuli ndi malo amodzi okha: mayi amene akusambabe, watsala masiku ochepa kuti ayambe msambo, ndipo akumva kulimbalimba kopweteka m'mabere onse popanda chotupa chimodzi choima pachokha. Ameneyo akhoza kudikira msambo udutse, adzigwirenso patapita masiku angapo. Chikakhalapobe, apite. Msambo umodzi wokha, osati iwiri kapena itatu.

Ngati lero ndi Loweruka ndipo chipatala chitsegula Lolemba, palibe chimene chiwonongeke. Khansa ya m'mawere imakula m'miyezi, osati m'maola. Chimene chimasintha tsogolo la munthu ndi miyezi isanu ndi umodzi yodikira kukolola, chaka chodikira kuti mwana asiye kuyamwa. Madokotala amaika malire pakukula kwake: chotupa chosapitirira masentimita 2 chimene sichinafike m'khwapa chili pagawo loyamba, ndipo ambiri otere amachira akalandira chithandizo chonse. Chikapitirira masentimita 5 n'kufika m'khwapa, kapena chikagwira khungu, nkhondo yake imakula. Kafukufuku wochitika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe wakhala akuonetsa kuti amayi ambiri amafika matenda ali kale pagawo lachitatu kapena lachinayi, ndipo ambiri mwa iwo ndi a zaka za m'ma 40, osati agogo okhaokha.

Kuchipatala

Yambani pamene pali pafupi, kaya ndi chipatala chaching'ono cha m'dera, cha mishoni kapena cha boma. Kumalo oyezera khansa ya khomo la chiberekero, kusikelo ya amayi ndi kumalo a zakulera nthawi zambiri kumapezeka anamwino ozolowera kugwira mabere. Mukalowa nenani chimene mwabwerera m'chiganizo choyamba: "Adokotala, ndapeza chotupa m'bere lakumanzere, lero ndi masabata awiri, ndikupempha mundiyeze." Mzere ukakhala wautali, munthu amene wayamba ndi "m'thupi simukundisangalatsa" amatuluka ndi panado bere lisanaonedwe n'komwe. Ngati simumasuka kuvulira mwamuna, pemphani kuti namwino wamkazi akhalepo. Ndi pempho lachizolowezi. Kuyeza koyenera kumachitika mutavula kumtunda, mutakhala tsonga kenako mutagona, mabere onse awiri, m'khwapa monse ndi pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi. Kugwira pamwamba pa bulauzi si kuyeza.

Tchulaninso zimene wokuyezaniyo sangazione: kuti muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, njira yolera imene mukugwiritsa ntchito, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi ngati mayi anu, mchemwali wanu, mwana wanu kapena azakhali anu anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira. Mbali ya bambo imawerengedwanso.

Kufufuza chotupa cha m'bere kuli ndi mbali zitatu, ndipo yankho limadalirika zitatuzo zikagwirizana. Yoyamba ndi kugwira kumeneku. Yachiwiri ndi chithunzi. Kwa amayi osafika zaka 35 kapena 40, oyembekezera ndi oyamwitsa, chimagwira bwino ndi sikani, yofanana ndi ija amaonera mwana m'mimba. Siipweteka, siivulaza mwana, ndipo imasiyanitsa msanga thumba la madzi, mafinya ndi chotupa cha mnofu. Kwa okulirapo pali mamogiramu, ekisire ya bere, imene imapana bere pakati pa timbale tiwiri kwa masekondi ochepa. Makina ake ndi osowa, amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda, ndipo simuyenera kuimitsa zonse podikira mamogiramu ngati sikani ndi singano zilipo. Dziwaninso kuti mamogiramu imatha kuphonya chotupa m'bere lothinana la mayi wachichepere. Chithunzi chikati palibe kanthu koma zala zikuchigwirabe, nkhani siinathe.

Yachitatu ndi imene anthu amaiopa, pomwe ndi yokhayo imene imatchula dzina: kutenga kanyama, kapena kuti bayopuse. Amapukuta khungu, amabaya jakisoni wadzanzi amene amaluma kwa kanthawi, kenako amalowetsa singano yokulirapo m'chotupacho. Singanoyo imalira "tha!" ikamadula, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musadzidzimuke. Amatenga tinyama tingapo tating'ono, toonda ngati ulusi wokhuthala, n'kutiika m'kabotolo ka mankhwala kolembedwa dzina lanu. Zonse sizifika ola, mumamatidwa pulasitala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, pamalopo n'kumawawa kapena kudera kwa masiku angapo. Pali njira ina ya singano yaing'ono yongokoka timaselo, imene imathandiza kwambiri pa mwanabere ndi pa thumba la madzi, koma pa chotupa cha mnofu ya kanyamayi imanena zambiri. Ikakhala khansa, kanyamako kakhoza kuonetsanso ngati ndi ya mtundu womva mapiritsi oletsa mphamvu ya mahomoni monga tamokisifeni, zimene zimasintha chithandizo chonse.

Mphekesera yakuti chotupa chikabayidwa chimafalikira ili ndi pochokera. Anthu ambiri amabayidwa matenda atapita kale patali, akamwalira abale n'kumaloza singano. Koma singanoyo siifalitsa khansa m'thupi, ndipo popanda zotsatira zake palibe dokotala woyenera kukuyambitsani mankhwala amphamvu a khansa otchedwa kemo kapena kukuchotsani bere.

Pamene zimasokonekera

Tiyerekeze mayi wa zaka 38, wogulitsa tomato pamsika wa m'boma lina, amene akuyamwitsa mwana wa chaka ndi miyezi itatu. Mu Marichi wapeza chotupa cholimba kumtunda kwa bere lakumanja, chakukhwapa, cha masentimita 2, chosapweteka. Wapita kuchipatala chaching'ono. Poona mwana kumsana, woyeza wati ndi mkaka, wamupatsa maantibayotiki a masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Kuganiza kumeneku si kwachilendo, popeza mwa oyamwitsa ambiri amakhaladi mkaka. Koma chotupa ichi sichikupweteka, sichikutentha, mayiyo thupi silikutentha, ndipo sichifewa mwana akayamwa. Palibe chimene maantibayotiki angachite pamenepa.

Apa njira zimagawikana. M'njira yoyamba mayiyo wamwa mankhwala, chotupa chilipobe, koma poti "adokotala anaona kale", wakhazika mtima pansi. Mu Juni apongozi amutengera kwa sing'anga, amutema mphini kuzungulira bere n'kupakamo mankhwala; mabalawo alowa mafinya, ndipo akabwerera kuchipatala aliyense akuona mafinyawo, maantibayotiki enanso. Mu Novembala chotupa chafika masentimita 6, m'khwapa mwalimba, khungu layamba kukokeka. Panjira yonseyi palibe amene anali ndi cholinga choipa.

M'njira yachiwiri, asanatuluke m'chipinda tsiku loyamba lija, mayiyo wafunsa funso limodzi: "Chikapanda kutha ndibwere liti, ndipo mudzanditumiza kuti?" Wapempha kuti kukula kwa chotupa ndi tsiku lobwerera zilembedwe m'kabuku. Patatha masabata awiri wabwera, watsegula tsamba lomwelo, wati, "Mankhwala ndamaliza, chotupa chili chomwecho, ndikupempha kalata yopita kuchipatala cha boma." Kumeneko sikani yaonetsa kuti si madzi kapena mkaka koma mnofu wa m'mbali mosalongosoka. Atenga kanyama pompo, kapena amutumiza kuchipatala chachikulu, Kamuzu, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, malinga ndi chigawo chake. Kuyamwitsa sikuletsa bayopuse. Pofika Meyi ali ndi pepala la zotsatira m'manja, chotupa chikadali chaching'ono. WHO, pa ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere imene inakhazikitsidwa mu 2021, inaika mulingo wa masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala kufikira pamene kuyeza, chithunzi ndi kanyama zonse zatha. Masiku 60 amenewo muwawerenge pakalendala yanu. Akamayandikira kutha inu musanajambulidwe n'komwe, ndi nthawi yokakamira mwaulemu, kapena yopita pachipatala chokulirapo.

Pali malo ena awiri pamene anthu amatayikira. Oyamba ndi kudikira zotsatira. Ma labotale oona tinyama timeneti ndi ochepa, ku Malawi makamaka ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye kabotolo kanu kamayenda ulendo, pepala n'kuyendanso ulendo wobwerera, ndipo zikhoza kutenga masabata angapo. Tsiku lotenga kanyama funsani kuti kakupita kulabotale iti, nambala yake ndi chiyani, mudzatenge zotsatira kuchipinda chiti ndi tsiku liti. Siyani manambala a foni awiri, yanu ndi ya m'bale amene foni yake siizimazima. Kusaimbiridwa sikutanthauza kuti zili bwino. Kawirikawiri kumatanthauza kuti pepala lili m'kabati likudikira mwiniwake. Pokatenga pitani ndi munthu wina, chifukwa makutu a munthu amene wamva mawu akuti khansa samvanso zonenedwa pambuyo pake, ndipo jambulani pepalalo pafoni.

Malo achiwiri ndi opaleshoni yothamangira. Ena amangofuna chotupa chichoke, ndipo amapeza wochichotsa mwina pakiliniki yolipira. Chotupa chikachotsedwa n'kutayidwa osapita kulabotale, mwataya umboni wokhawo umene unalipo. Ngati inali khansa, mizu yake ikhoza kutsala m'mbali mwa bala n'kudzaphukanso pakatha miyezi, ndipo dokotala wotsatira sadzadziwa kuti chinali chiyani, chinali chachikulu bwanji, anachidula mpaka pati. Kanthu kalikonse kochotsedwa m'bere kapena m'khwapa kayenera kukayezedwa. Funsani zimenezi musanagone patebulo, ndipo ngati yankho silikumveka, musavomere.

Za ndalama ya thiransipoti tisazibise, popeza ndi imene imaimitsa ambiri pakati panjira. Ulendo sukhala umodzi: pali wa kalata, wa sikani, wa kanyama, wa zotsatira. Uzani munthu mmodzi wodalirika kuyambira pachiyambi kuti muthandizane, ndipo musanakwere minibasi yesani kudziwa tsiku limene kiliniki ya opaleshoni kapena ya mabere imakhalapo, chifukwa m'zipatala zambiri si ya tsiku lililonse. Mapemphero apitirire ngati ndinu wopemphera. Sakulimbana ndi tsiku limene mwalemberedwa m'kabuku. Amene muli ku Zambia, njira yake ndi yofanana, kuyambira pakiliniki mpaka kuchipatala cha khansa ku Lusaka. Amene muli ku Britain, pitani kwa dokotala wa m'dera lanu; mayi wa zaka 30 kapena kuposerapo wokhala ndi chotupa chosadziwika amatumizidwa mwachangu kukiliniki ya mabere, kumene kugwira, chithunzi ndi singano zimatheka tsiku limodzi.

Abambo nawonso ali ndi minofu ya bere, pang'ono chabe kuseri kwa nsonga, ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala khansa ya m'mawere 100 aliwonse ndi mwamuna. Kutupa kofewa pansi pa nsonga mwa mnyamata amene akutha msinkhu, kapena mwa bambo amene akumwa mankhwala ena, kuphatikizapo ena otalikitsa moyo, kawirikawiri si khansa, ndipo mankhwalawo asasiyidwe popanda kukambirana ndi akuchipatala. Chotupa cholimba cha mbali imodzi mwa bambo wachikulire, makamaka chikakoka nsonga kapena kutulutsa magazi, chimayenda njira yomweyi ya sikani ndi kanyama.

Zotsatira zikabwera kuti si khansa, monga zimakhalira kwa ambiri, funsanibe dzina la chotupacho ndipo lilembedwe m'kabuku. Faibuloadenoma yaing'ono yotsimikizidwa ikhoza kusiyidwa, n'kumaonedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Imachotsedwa ikamakula, ikapitirira masentimita 3 kapena 4, kapena ikamakusautsani. Thumba la madzi likakokedwa ndi singano liyenera kuphweratu. Likatulutsa madzi amagazi, likasiya kanthu kolimba, kapena likadzazanso msanga, lifufuzidwe mopitirira. Ndipo ngati pepala likuti palibe choopsa koma chotupa chikukula, chikulimba kapena chayamba kukoka khungu, bwererani ndi muyeso umene munalemba tsiku loyamba. Singano imatha kulasa pambali pa chotupa n'kutenga mnofu wabwinobwino, ndipo zikatero kanyama kamatengedwanso kachiwiri, makamaka sikani ikulondolera singanoyo.